Kuonjezerako pobweza ngongole: mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amene amabwera ndi mafunso a ngongole amayamba ndi dandaulo limodzi, loti ndakhala ndikubweza chaka chathunthu koma ndikaona sitetimenti ngongole ili pompaja. Nde ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera kuti tiwayankhe bwinobwino. Tigwiritsa ntchito chitsanzo chimodzi basi kuyambira poyamba mpaka pomaliza kuti tisasokonezane: munthu wakongola 1,000,000, chiwongola dzanja ndi 12 peresenti pachaka, abweza kwa zaka 5, yomwe ndi miyezi 60. Sindinatchule dzina la ndalama dala, ikani yomwe mumagwiritsa ntchito, masamu ake sasintha.

Kodi amotaizeshoni amene amalemba pa mapepala a ngongoleyu ndi chani kwenikweni?

Ndi dzina chabe la kabwezedwe koti mwezi uliwonse mumapereka ndalama yofanana, ndipo mukafika mwezi womaliza ngongole imakhala yatheratu, osatsala olo pang'ono. Chimene ambiri sadziwa ndi choti ndalama mumapereka pamweziyo ikalowa imagawidwa pawiri. Gawo loyamba limalipira chiwongola dzanja cha mwezi umenewo, chotsalacho ndi chimene chimakadula ngongole yeniyeni, ija a ku banki amati pulinsipo. Ndipo nthawi zonse chiwongola dzanja ndi chimene chimayamba kutenga chake, ngongole yeniyeni imalandira zotsala.

Pa chitsanzo chathu chija, 12 peresenti pachaka ndi 1 peresenti pamwezi, ndipo munthuyu azipereka 22,244 mwezi uliwonse. Mwezi woyamba ali ndi ngongole ya 1,000,000, nde 1 peresenti yake ndi 10,000. Pa 22,244 ija, 10,000 yapita ku chiwongola dzanja, 12,244 yokha ndi imene yadula ngongole, yatsala 987,756. Mwezi wachiwiri chiwongola dzanja sachiwerengeranso pa 1,000,000 ayi, akuwerengera pa 987,756, nde chikubwera 9,878, ndipo ngongole ikudulidwa ndi 12,367. Mwaona? Ndalama akupereka ndi yomweyo koma kagawidwe kasuntha pang'ono. Zimapita choncho mwezi ndi mwezi mpaka mwezi wa 60 pomwe chiwongola dzanja chimangokhala 220 basi, ina yonseyo ikumalizitsa ngongole.

Akamaliza amakhala atapereka 1,334,667 yonse pamodzi. Ndiye kuti wabweza 1,000,000 yomwe anatenga, kuphatikizapo 334,667 ya chiwongola dzanja.

Ndabweza chaka chonse koma balansi sikutsika. Akundibera kapena?

Nthawi zambiri ayi, ndi mmene masamu ake alili, ngakhale ndikumvetsa kuti zimapweteka mtima. Munthu wathu uja pakutha pa miyezi 12 amakhala atapereka 266,933, koma ngongole yatsika ndi 155,290 yokha, yatsala 844,710. Ina ija, 111,643, yapita ku chiwongola dzanja. Akafika pakatikati penipeni, mwezi wa 30, munthu amaganiza kuti ndafika theka, koma ngongole imakhala ili pa 574,078, sinafike theka. Ndipo pofika pamenepo amakhala atalipira kale 241,412 ya chiwongola dzanja, pa 334,667 ija. Ndiye kuti chambiri chimalipidwa koyambirira.

Chifukwa chake si choti wina anakhala pansi nkukonza zoti akudyereni koyambirira. Kungoti chiwongola dzanja chimatsata ndalama imene muli nayo ngongole mwezi umenewo, ndipo koyambirira ndi kumene ngongole imakhala yaikulu. Mukafuna kutsimikiza kuti zikuyenda bwino, tengani balansi ya mwezi watha, chulukitsani ndi peresenti ya pamwezi, muone ngati zikufanana ndi chiwongola dzanja chimene alemba mwezi uno. Zikasiyana pang'ono musadabwe, ambiri amawerengera pa tsiku nde mwezi wa masiku 31 umabwera wokwererapo kuposa wa masiku 30. Koma zikasiyana kwambiri, pamenepo mpofunika kufunsa kuti pali ndalama zina zanji zomwe akudula.

Nde ndikaonjezerako pang'ono pamwamba pa ya pamwezi ija, chimachitika ndi chani?

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Chiwongola dzanja cha mwezi umenewo chalipidwa kale ndi 22,244 ija. Ndiye ndalama iliyonse imene mwaika pamwamba ilibenso chiwongola dzanja choti ilipire, yonse imapita kukadula ngongole yeniyeni. Ndipo ndalama imene mwaidula lero siidzabalanso chiwongola dzanja mwezi wamawa, kapena winawo, mpaka ngongole idzathe.

Tiyeni tione pafupi. Mwezi woyamba munthu uja waikapo 5,000 pamwamba, kamodzi kokha. Balansi m'malo mokhala 987,756 ikhala 982,756. Mwezi wachiwiri chiwongola dzanja chatsika ndi 50. Kandalama kochepa eti? Koma 50 imeneyo sikuti yangosowa, popeza akuperekabe 22,244 yomwe ija ndiye kuti 50 imene ikanapita ku chiwongola dzanja yapita kukadula ngongole, nayonso ikuchepetsa chiwongola dzanja cha mwezi wotsatira, zikumangoonjezekera choncho kwa miyezi 59. Pofika kumapeto 5,000 imodzi ija imakhala itachotsa pafupifupi 9,000 pa ndalama yomaliza. Wapulumutsa pafupifupi 4,000 chifukwa cha 5,000 yomwe anayenera kudzabwezabe, kungoti waibweza msanga.

Tsopano akamachita zimenezi mwezi uliwonse, kupereka 27,244 m'malo mwa 22,244, ngongole imatha pa mwezi wa 46 osati wa 60. Chiwongola dzanja chonse chimabwera 252,275 m'malo mwa 334,667. Wapulumutsa 82,392 ndipo wamasuka miyezi 14 nthawi isanakwane. Ine chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi miyezi 14 imeneyo kuposa ndalamayo, chifukwa ndi chaka chathunthu ndi miyezi iwiri yomwe malipiro ake akubwera osadulidwa.

Ine sindingakwanitse 5,000. Kandalama kochepa kangasinthe kanthu?

Kamasintha ndithu, koma ndinene chilungamo, zimatengera kutalika kwa ngongoleyo. Pa ngongole yathu ya zaka 5, kuonjezera 1,000 pamwezi kumachotsa miyezi 3 ndipo mumapulumutsa ndalama yopitirira pang'ono 20,000. Si zazing'ono koma si zodabwitsanso.

Pomwe kandalama kochepa kamachita zazikulu ndi pa ngongole zazitali ngati za nyumba. Tengani 1,000,000 yomweyo, 12 peresenti yomweyo, koma ya zaka 20. Ya pamwezi imabwera 11,011. Mwezi woyamba 10,000 ndi chiwongola dzanja, ngongole yeniyeni ikudulidwa ndi 1,011 yokha! Nde munthu akaikapo 1,000 pamwamba ndiye kuti koyambiriraku akudula ngongole kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi mmene ikanadulidwira. Akamatero mwezi uliwonse ngongole ya zaka 20 imatha pa zaka 15, ndipo amapulumutsa pafupifupi 485,000. Ndikamauza anthu zimenezi ambiri amaganiza kuti ndalakwitsa masamu, amakatenga kalukuleta okha, nkupeza zomwezo.

Ndapeza ndalama yambiri kamodzi. Ndiike pompano kapena ndisunge ndidzamalizire nayo ngongole kumapeto?

Ngati mwatsimikiza kale kuti ndalamayo ndi ya ngongole, ikani pompano. Anthu ambiri amakonda zosunga kuti adzatseke ngongole kamodzinkamodzi chifukwa zimamveka bwino mumtima, koma pa masamu amaluza.

Tinene kuti munthu uja wapeza 100,000. Akaiika atangomaliza mwezi wa 12, balansi imatsika kuchoka pa 844,710 kufika pa 744,710, nkumapitiriza kupereka 22,244 yake ija. Ngongole imatha miyezi 7 nthawi isanakwane ndipo amapulumutsa 56,422. Koma 100,000 yomweyo akaiika atamaliza mwezi wa 48, kutatsala chaka chimodzi, amangopulumutsa pafupifupi 10,500. Ndalama ndi yomweyo, munthu ndi yemweyo, chasiyana ndi nthawi basi, chifukwa kumapetoku kwatsala miyezi yochepa yoti ndalamayo ikanabala chiwongola dzanja, chambiri chinalipidwa kale.

Izi zikutanthauzanso kuti ngati ngongole yanu yatsala miyezi yochepa, musadzipanikize mpaka kugulitsa katundu kuti muimalize msanga. Phindu lake ndi lochepa pamenepo. Bola mphamvuyo muiike pa ngongole ina imene ikadali kutali.

A ku banki andifunsa kuti ndikufuna achepetse nthawi kapena achepetse ndalama ya pamwezi. Ndisankhe chiti?

Funso ili ndi lofunika kwambiri ndipo ambiri amayankha mofulumira ali pa kauntala osaganiza. Mukaika ndalama yambiri kamodzi, wobwereketsa akhoza kuchita zinthu ziwiri. Akhoza kusiya ya pamwezi mmene ilili nde ngongole ithe msanga. Kapena akhoza kusiya tsiku lomaliza pomwe lili, nkuwerengeranso ya pamwezi kuti itsike.

Pa 100,000 ya pa mwezi wa 12 ija taona kale kuti kuchepetsa nthawi kumapulumutsa 56,422. Njira inayo, ya pamwezi imatsika kuchoka pa 22,244 kufika pa 19,611, munthu akupumako ndi 2,633 mwezi uliwonse kwa miyezi 48, koma chiwongola dzanja chimene wapulumutsa ndi 26,402 chokha. Sichikufika olo theka la njira yoyamba ija. Chifukwa chake nchosavuta, mukatsitsa ya pamwezi ndiye kuti ndalama ya eni ake mukhala nayo nthawi yaitali, ndipo nthawi ndi imene mumalipira.

Ine ndimati ngati 22,244 mukuikwanitsa bwinobwino, sankhani kuchepetsa nthawi. Koma sindinena kuti winayo ndi wolakwa. Munthu amene mwezi uliwonse akufika kumapeto movutikira, mwina mpaka kukakongola kwina kuti akwanitse kubweza kuno, ameneyo kutsitsa ya pamwezi kukhoza kumupulumutsa ku chindapusa cha kuchedwa komanso ku ngongole zina zodula kwambiri. Palinso njira yapakati imene ndimaikonda ngati pangano lanu limalola kuonjezera mwaulere: vomerani kuti atsitse ya pamwezi, koma inuyo muziperekabe 22,244 yakale ija. Mapeto ake amafanana ndi kuchepetsa nthawi, koma mwezi ukavuta muli ndi pothawira chifukwa yokakamizidwa ndi 19,611 basi. Vuto lake imafuna munthu wodziletsa, apo ayi 2,633 ija imangosungunuka osadziwa kuti yapita kuti.

Ndinaonjezera koma sitetimenti sikuonetsa kuti ngongole yatsika. Ndalama yanga yapita kuti?

Izi zinandichitikirapo ineyo nde ndimazinena ndi mtima wonse. Ndinkaika kandalama pamwamba kwa miyezi ingapo, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ngongole ikutsika. Tsiku lina ndinakhala pansi ndi sitetimenti ndi cholembera, nkuona kuti chiwongola dzanja cha mwezi uliwonse chikufanana ndendende ndi cha pa tebulo lomwe anandipatsa tsiku lotenga ngongole, ngati sindinaonjezerepo kanthu. Kumunsi kwa pepala kunali kamzere kena kosonyeza ndalama yolipiriratu, ndipo zanga zonse zija zinali pamenepo, zangokhala kudikira tsiku la kubweza kotsatira. Anazitenga ngati ndikulipiriratu mwezi wamawa, osati kudula ngongole yeniyeni. Sikuti zinabedwa ayi, koma sizinandipulumutsire kalikonse miyezi yonseyo, ndipo zinandiwawa.

Kusiyana kwake ndi kumeneku. Ndalama ikasungidwa ngati yolipiriratu, balansi yomwe amawerengerapo chiwongola dzanja siitsika mpaka tsiku lake lifike. Nde musangotumiza nkukhala chete. Auzeni, makamaka polemba, kuti ndalama iyi idule pulinsipo. Ena ali ndi fomu yake, ena ali ndi posankha pa foni kapena pa kompyuta. Kenako mwezi wotsatira onani zinthu ziwiri: balansi itsike ndi ndalama yonse munaonjezera ija kuphatikiza gawo la masiku onse, ndipo chiwongola dzanja chikhale chotsika kuposa cha pa tebulo loyamba. Pa chitsanzo chathu, mukaika 5,000 mwezi woyamba, mwezi wachiwiri muone 9,828 osati 9,878. Mukaona 9,878 dziwani kuti ndalama ija sinagwire ntchito yomwe munaitumira.

Chinanso chomwe chimameza ndalama yoonjezera ndi zotsalira zam'mbuyo. Ngati munadumphitsapo mwezi kapena pali chindapusa chomwe simunalipire, mapangano ambiri amati ndalama ikalowa iyambe yalipira zimenezo, kenako chiwongola dzanja, ngongole yeniyeni pomaliza. Nde yambani mwafunsa ngati akaunti yanu ilibe zotsalira.

Nanga ngongole ya fulati reti, nayonso zimayenda chimodzimodzi?

Ayi, ndipo apa chonde tcherani khutu. Zonse ndafotokozazi ndi za ngongole yomwe chiwongola dzanja amawerengera pa ndalama yotsala. Pali mtundu wina womwe amawerengera pa ndalama yonse munatenga poyamba, kuyambira mwezi woyamba mpaka womaliza, olo mutabweza yochuluka bwanji. Imeneyo ndiye fulati reti.

Tengani 1,000,000 yomwe ija pa 12 peresenti fulati kwa zaka 5. Amangoti 120,000 pachaka, kuchulukitsa ndi zaka 5, yakwana 600,000, nkuiphatikiza ku ngongole tsiku loyamba lomwelo. Yonse ndi 1,600,000, pamwezi 26,667. Onse awiri akunena kuti 12 peresenti, koma uyu mulipira 600,000 pomwe uja munalipira 334,667. Mukaiwerengera mofanana ndi inzake ija, 12 peresenti fulati imeneyi ndi yopitirira pang'ono 20 peresenti pachaka.

Pa ngongole yotere kuonjezera pamwezi nthawi zambiri sikuchepetsa chiwongola dzanja pakokha, chifukwa chinawerengedwa kale chonse. Mumangomaliza msanga kupereka 1,600,000 yomwe ija. Mungapulumutse pokhapokha ngati pangano likunena kuti mukatseka msanga adzakuchotserani gawo la chiwongola dzanja cha miyezi yotsala. Ndipo olo pamenepo funsani kuti amawerengera bwanji. Ena amagwiritsa ntchito njira yotchedwa lamulo la 78, dzinali linachokera poti mukaphatikiza manambala kuyambira 1 mpaka 12 mumapeza 78. Pa ngongole ya chaka chimodzi, mwezi woyamba amautengera magawo 12 pa 78 a chiwongola dzanja chonse, wachiwiri 11, mpaka womaliza gawo limodzi lokha. Ndiye mukadzati nditseke pakati, mumapeza kuti chambiri anachiwerengera kale ngati chawo, chobwerera kwa inu nchochepa. M'maiko ena njira imeneyi inaletsedwa pa ngongole zina.

Mungadziwe bwanji kuti yanu ndi iti? Onani tebulo la kabwezedwe. Ngati chiwongola dzanja chikufanana mwezi uliwonse kuyambira pamwamba mpaka pansi, imeneyo ndi fulati. Ngati sanakupatseni tebulo, chulukitsani ya pamwezi ndi miyezi yonse, chotsani ndalama munatenga, muone ngati yotsalayo ikungofanana ndi peresenti ija ya ndalama munatengayo kuchulukitsa ndi zaka zonse.

Ndamva kuti ena amalipiritsa chindapusa ukabweza msanga. Nde pali phindu?

Zoona, alipo otero, chifukwa mukabweza msanga iwo aluza chiwongola dzanja chomwe amayembekezera. Zimapezeka kwambiri pa ngongole zomwe peresenti yake inamangidwa kuti isasinthe kwa zaka zingapo. Ena amalola kuonjezera mpaka mulingo winawake pachaka mwaulere, chindapusa chimayamba mukapyola pamenepo. Malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko, nde chokuuzani zoona ndi pangano lomwe munasaina, fufuzani ndime yokamba za kubweza nthawi isanakwane.

Koma kumva kuti pali chindapusa sikutanthauza kuti musiye. Ingoyerekezani. Tinene kuti amadula 2 peresenti ya ndalama mwaonjezera. Pa 100,000 ndi 2,000. Kulipira 2,000 kuti mupulumutse 56,422, pamenepo palibe chokayikitsa. Pomwe pamafunika kusamala ndi kumapeto kwa ngongole pomwe chopulumutsa chachepa kale, kapena ngati chindapusa amachiwerengera pa balansi yonse kapena pa miyezi ingapo ya chiwongola dzanja. Apempheni akulembereni ndalama yeniyeni yomwe adule musanatumize kanthu.

Tsiku lomwe ndatumiza ndalama lili ndi kanthu?

Ngati amawerengera pa tsiku, eya. Ndalama yolowa pa 3 imayamba kugwira ntchito pa 3, nde palibe chifukwa choisungira mpaka pa 28. Ngati amawerengera kamodzi pamwezi, bola ingolowa tsiku lowerengeralo lisanafike. Phindu la masiku ochepawo si lalikulu, musavutike nazo mtima, ndangotchula chifukwa anthu amafunsa.

Ndili ndi ngongole zingapo. Yoonjezerayo ndiike pa iti?

Pa masamu, ikani pa yomwe ili ndi peresenti yokwera kwambiri, zinazo muzingopereka ya pamwezi osadumphitsa. Ndalama yomwe yadula ngongole ya 30 peresenti ikupulumutsa zambiri kuposa yomwe yadula ya 12 peresenti, kaya ngongoleyo ndi yaikulu kaya yaing'ono. Ikatha imeneyo, ndalama yonse munkapereka kumeneko muisamutsire ku yotsatira. Kumbukirani za fulati reti zija poyerekeza, chifukwa peresenti yolembedwa pa pepala si imene mukulipira, komanso kuonjezera pa iyoyo mwina sikukupulumutsirani kanthu.

Pali ena amayamba ndi ngongole yaing'ono kwambiri kuti aone imodzi itatha, mtima ulimbe. Amaluzako pang'ono koma ngati ndi zimene zikuwapangitsa kuti asagwe ulesi panjira, ine sindiwatsutsa.

Pali nthawi yomwe kuonjezera si nzeru?

Ilipo, ndipo yaikulu ndi iyi: ndalama yomwe mwaika mu ngongole nthawi zambiri siibwerera. Mukathira zonse zomwe munasunga, mwezi wotsatira nkudwala kapena ntchito nkutha, wobwereketsa sadzati poti munaonjezera chaka chatha mwezi uno pumani. Ya pamwezi amaifunabe yonse pa tsiku lake. Nde munthu amapezeka akukakongola kwina pa peresenti yokwera kuwirikiza, zonse anapulumutsa zija nkuthera pamenepo. Yambani mwasunga kandalama kapadera ka zadzidzidzi kokwana miyezi ingapo, yoonjezera ichokere pa yotsala. Ngongole zina za nyumba m'maiko ena zimalola kutapanso ndalama yomwe munaonjezera, koma musangoganiza kuti yanu ndi yotero musanaone pa pangano.

China ndi kuyerekeza ndi komwe ndalamayo ikanapita. Kudula ngongole ya 12 peresenti kuli ngati kusunga ndalama pamalo pomwe ikubala 12 peresenti motsimikizika. Ngati kosungira kwanu kukupatsani 5, bwezani ngongole. Koma ngati muli ndi ngongole yotsika mtengo kwambiri, monga zina zomwe olemba ntchito amapatsa antchito awo, ndipo malo odalirika osungira akupereka zoposa pamenepo msonkho utachotsedwa, palibe chothamangira. Chimodzimodzi ngati mitengo ya zinthu ikukwera mofulumira kuposa peresenti ya ngongole yanu yosasintha ija ndipo malipiro anu akukwera nawo, ngongoleyo ikupepuka yokha chaka ndi chaka. Mawu oti malipiro akukwera nawo ndi ofunika pamenepa, ngati sakukwera ndiye kuti palibe chikupepuka.

Peresenti yanga imasinthasintha. Masamu onsewa akugwirabe?

Mfundo yake ikugwira, manambala ndi amene azisuntha. Peresenti ikakwera, wobwereketsa amakweza ya pamwezi kapena amatalikitsa nthawi, ndipo munthu amene anadula ngongole kale amamva kuwawa pang'ono chifukwa peresenti yatsopanoyo ikugwera pa balansi yaing'ono. Ikatsika nkukutsitsirani ya pamwezi, umenewo ndi mwayi wosavuta kuposa wina uliwonse, ingopitirizani kupereka yakale ija poti munaizolowera kale, kusiyanako kukhala koonjezera kwanu.

Ndingawerengere bwanji ndekha ndi manambala a ngongole yanga?

Ndalama ya pamwezi imachokera pa fomula iyi, pomwe P ndi ndalama munatenga, r ndi peresenti ya pamwezi yolembedwa ngati 0.01, ndipo n ndi miyezi yonse:

```
M = P * r / (1 - (1 + r)^(-n))
```

Koma simukuyenera kuvutika nayo pamanja. Mu Excel kapena Google Sheets lembani izi mupeza 22,244 ija:

```
=PMT(0.01, 60, -1000000)
```

Ndipo kuti mudziwe kuti ngongole itha pa miyezi ingati mukamapereka yoonjezera, ikani ndalama yonse yomwe muzipereka pamwezi apa:

```
=NPER(0.01, -27244.45, 1000000)
```

Ikupatsani 45.96, kutanthauza miyezi 46, womalizawo mupereka yocheperako pang'ono. Ngati ngongole munaiyamba kale, m'malo mwa 1000000 ikani balansi ya lero. Cholakwika chomwe ndimachiona kawirikawiri ndi kuika peresenti ya pachaka m'malo mwa ya pamwezi, munthu nkupeza nambala yoopsa nkuyamba kuda nkhawa, gawani kaye ndi 12. Komanso ngati ya pamwezi yanu ili ndi inshuwalansi kapena ndalama ya akaunti mkati mwake, ichotseni kaye musanaiike mu fomula, chifukwa imeneyo siidula ngongole.

Amene alibe kompyuta, pepala ndi cholembera zimakwana. Jambulani mizere inayi yotsika: balansi yoyambira, chiwongola dzanja, yodula ngongole, balansi yotsala. Chitani miyezi 6 yokha kawiri, koyamba osaonjezera, kachiwiri mukuonjezera, muona nokha mmene mzere wa chiwongola dzanja ukusiyanirana.

Ndatsala pang'ono kumaliza, ndingotumiza balansi yomwe ili pa sitetimenti basi?

Ayi, funsani kaye ndalama yotsekera ya tsiku lomwe mukufuna kulipiralo. Balansi ya pa sitetimenti ndi ya tsiku lomwe anaisindikiza, ndipo kuchokera pamenepo chiwongola dzanja cha masiku apakatiwo chakhala chikuwerengedwa. Mukatumiza ya pa pepala pamatsala kandalama kochepa komwe simukukadziwa, akaunti imakhalabe yotsegula, kenako pakapita miyezi mumalandira uthenga woti muli ndi zotsalira, mwinanso ndi chindapusa pamwamba. Mukalipira yotsekerayo pemphani kalata yonena kuti ngongole yatha ndipo akaunti yatsekedwa, muisunge bwino. Ngati ankadula okha ku akaunti kapena ku malipiro anu, onetsetsani kuti lamulo lodulalo laimitsidwa mwezi womwewo, ndipo ngati munapereka chikole, kaya mapepala a nyumba kaya a galimoto, funsani tsiku lomwe mukatenge ndipo dzina la wobwereketsa lichotsedwepo.